Akakuseleulani kapena kukunyozani pagulu: mafunso ndi mayankho

Ndinabadwira ku Ntcheu, koma banja linandibweretsa kuno ku Mzuzu, ndipo ndakhala ku Chibavi zaka zokwanira kudziwa macheza a kuno. Kumpingo ndimathandiza nawo kulangiza maanja achinyamata, komanso ndili m'gulu la banki m'khonde lomwe timakumana Loweruka masana. Mafunso ali m'munsiwa ndawamva m'malo awiri amenewa. Ambiri amabwera anthu atabalalika, munthu atandikokera pambali, maso ali psuu: "Amayi, mwamva zimene anandinena zija? Ndikanayankha bwanji?" Ndawayankha monga momwe ndimayankhira tikakhala pamkeka.

Ndingadziwe bwanji kuti awa ndi macheza chabe, osati chipongwe?

Yambani ndi ubale. Kwathu pali anthu amene mwambo umawalola kuseleulana: asuweni, munthu ndi mlamu wake, agogo ndi zidzukulu. Agogo aamuna akaitana mdzukulu kuti "mkazi wanga", palibe amene amadabwa. Msuweni akanena pamaso pa anthu kuti nsima yanu ndi yosapsa, mumamubwezera kuti iye ngakhale madzi a tiyi amawapsereza, nonse n'kuseka. Macheza enieni amatero, amapita uku n'kubwerera uku. Ngati mwiniwake angakwiye mutamubwezera mawu omwewo, kapena ngati udindo wake sukukulolani kumubwezera, ndiye kuti akusangalala ndi iye yekha, inu mwangokhala ndiwo zake.

Kenako onani pamene mawuwo agunda. Macheza amagunda popepuka: timu yanu yagonja, mwafika mochedwa, mwavala majuzi awiri chifukwa kuzizira kwa mu Juni simunakuzolowerebe. Chipongwe chimafunafuna pabala: kusabereka, kutha kwa ntchito, ngongole, kuonda kapena kunenepa, banja lomwe latha, mwana amene walephera mayeso. Wonenayo amadziwa kuti pamenepo m'powawa, n'chifukwa chake wasankha pomwepo.

Mverani ndi kasekedwe ka anthu. Pa macheza amaseka akukuyang'anani kumaso. Pa chipongwe amaseka mwachidule, ena amawerama, wina amayamba kukonza chitenje, wina kuyang'ana foni. Anthu amazindikira msanga kuti palakwika ngakhale sanena. Ichi chisungeni, chifukwa mayankho anga onse atsamira pamenepa: munthu akakunyozani pagulu, nthawi zambiri gululo limakhala kale kumbali yanu. Ntchito ya yankho lanu si kugonjetsa wonyozayo, koma kusataya anthu amenewa.

Bwanji osangokhala chete? Si ndiwo ulemu umene tinaphunzitsidwa?

Kukhala chete kulipo kuwiri. Kulipo kosankha, komwe munthu amamuyang'ana wonenayo modekha, n'kupitiriza zomwe amachita. Kumeneko ndi yankho ndithu. Koma kumene ambiri amandiuza ndi kwina: mawu akuthawani, mwawerama, mwamwetulira pomwe mtima ukulira, ndipo kuyambira pamenepo mpaka kubalalika simunayankhulenso. Kumeneku kumaononga. Wonenayo amaphunzira kuti pa inu m'pofewa, ndipo Loweruka lotsatira abwerera pomwepo. Anthu amene amafuna kukuthandizani amasowa pogwira, poti mwaseka nawo, ndiye iwo akwiyire chiyani? Ndipo mawu amene simunawatulutse satha. Mumapita nawo kunyumba, mumakalipira ana popanda chifukwa, usiku tulo osabwera.

Ndaonapo amayi akusiya kubwera ku gulu lomwe muli ndalama zawo, ena kusiya kwaya, osanena chifukwa. Tikafufuza, timapeza kuti ndi mawu amodzi amene ananenedwa miyezi yapita, omwe palibe anawayankha.

Pamaliro pokha ndi pomwe ndimati mezani. Wina akakulasani pasiwa, musatsegule nkhani pomwe anamfedwa akulira. Sunthani, kakhaleni pena, mudzaikambe maliro atatha.

Nanga kumubwezera pompo kuli ndi vuto lanji? Iye ndiye wayamba.

Wayamba ndi iyeyo, koma anthu amakumbukira mawu amene anaposa kuwawa, osati amene anayamba. Munthu wopsa mtima sabweza muyeso womwewo, amaonjezera. Iye wanena za diresi yanu, inu mwanena za mwamuna wake. Pamenepo gulu lomwe linali kumbali yanu limabwerera pakati, n'kuyamba kuleretsa anthu awiri olakwa. Mawa nkhani ikamafika ku Zolozolo ndi ku Chiputula imakhala yoti "anayambana", osati "anamunyoza".

Mzuzu ndi mzinda, koma anthu ake timadziwana. Amene mwamuyalutsa lero mudzakumana naye kumsika wa Taifa, pamzere kuchipatala, kapena mudzapeza kuti ndi azakhali a mnyamata amene akufunsira mwana wanu. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mumadziwa kuti mwayamba kukwera pamene mawu anu achoka pa zimene munthuyo wanena n'kupita pa chimene iye ali: "ndinu mfiti", "n'chifukwa chake anakusiyani", "anthu a kwanu ndinu otero". Mukamva lilime likulowera kumeneko, imani.

Ndiye ndinene chiyani kwenikweni?

Ndikufotokozerani zimene ndinaona pa chinkhoswe china ku Luwinga, chifukwa zonse zimene ndimalangiza zili momwemo.

Tinali amayi pafupifupi khumi ndi awiri kuseri kwa nyumba, tikuphika. Panali mtsikana wina wochokera ku Dedza, wokwatiwa ndi mnyamata wa ku Mzimba, zaka zitatu m'banja koma mphatso kulibe. Mlamu wake, mlongo wamkulu wa mwamuna, anayankhula mokweza akuvundula nyama: "Alamu, malowolo athu anapita kalekale kwanu, koma mpaka lero sitikuona kanthu. Kapena tikawatengenso?" Awiri atatu anaseka pang'ono. Enafe tinangoti zii.

Mtsikanayo amadula kabichi. Sanayankhe nthawi yomweyo. Anamaliza chidutswa chimene chinali m'manja, n'kuika mpeni pansi, n'kuwayang'ana alamu akewo. Mawu ake anali otsika, oti amene anali kutali anachita kutchera khutu: "Alamu, nkhani ya mphatso ndi ya ine ndi alongo anu, ndipo imatiwawa tonse awiri. Pano tisaikambe." Atatero sanadikire yankho. Anatembenukira kwa mayi wachikulire amene amayang'anira zophika, n'kufunsa kuti, "Amayi, mpunga uja tiphule kapena udikire kaye?"

Taonani zimene anachita. Anayamba ndi dzina la ubale, "alamu". Dzina limenelo limauza aliyense kuti ubale sunathe, ndipo limamukumbutsa wonenayo kuti akulasa munthu wa m'banja lake lomwe. Kenako anaitchula nkhaniyo poyera. Chipongwe chambiri chimayenda mophiphiritsa, kuti chikagwidwa mwiniwake akane. Mukachitchula dzina lake modekha, chimasowa pobisala. Ananenanso kuti imawawa, ndipo si kufooka kutero. Panali amayi ena pamenepo amene anadutsamo m'zomwezo, ndipo mawu amenewo ndi amene anawakokera kwa iye. Anaika malire ndi mawu awiri okha, "pano tisaikambe", osati "musadzayerekezenso". Mawu oti "pano" amamusiyira mnzanu khomo lotulukira.

Chomaliza chija, chofunsa za mpunga, ndicho ambiri amaiwala, pomwe ndicho chimatseka nkhani. Mukayankha n'kukhala mukumuyang'anabe munthuyo, mwamupatsa mpata, ndipo manyazi amukakamiza kuyankha. Mukaipereka nkhani kwa munthu wachitatu ndi funso la ntchito imene ili m'manja, gulu lonse limapeza pothawira, ndipo limathawiradi, poti palibe amene amafuna mkangano pa chinkhoswe.

Palinso chimene sananene. Yankho limene linali pafupi, limene ena anandinong'oneza pambuyo pake kuti akanatero, ndi loti, "Kafunseni alongo anu kuti vuto lili ndi ndani." N'zoona kuti kusabereka kumatha kuchokera kwa mwamuna monganso kwa mkazi. Koma akanatero, akanamuvula mwamuna wake pamaso pa abale ake iye kulibe, ndipo madzulo ake nkhondo ikanalowa m'nyumba mwake momwe. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Yankho labwino silikokeramo munthu amene palibe.

Choncho mukafuna pogwira, gwirani izi: muitaneni ndi dzina la ulemu, nenani chiganizo chimodzi kapena ziwiri, mawu akhale otsika kuposa ake, ndipo mukatha tembenukirani kwa wina.

Akati "Iii, ndimangocheza, mwakwiya?" ndiyankhe bwanji?

Alamu aja ananenadi zomwezo. Funso limeneli ndi msampha wa mbali ziwiri. Mukati "ayi, sindinakwiye", mwafafaniza zonse zimene mwanena. Mukati "eya, ndakwiya", nkhani yachoka pa mawu ake yabwera pa mtima wanu, ndipo tsopano ndinu amene simudziwa kucheza.

Musakangane naye za zimene zinali mumtima mwake, poti simungazitsimikize. Mulandireni mawu akewo, malire n'kukhala pomwepo. Mtsikana uja anati, "Ndamva alamu, timacheza ndithu, koma imeneyi ayi." Basi. Mayi wachikulire uja anaombera m'manja n'kuti, "Tiyeni atsikana, akuchimuna afika kale." Nkhani inathera pomwepo.

Munthu akati amangocheza, nthawi zambiri ndiye kuti wayamba kubwerera m'mbuyo. Musamuthamangitse kuti apepese pamaso pa anthu. Kupepesa kokakamiza pagulu kumabala chidani chokhalitsa kuposa chipongwe chimene.

Ine mawu amandithawa. Yankho limabwera ndili kale pa njinga ya sakaramento ndikubwerera kunyumba. Nditani?

Si inu nokha, ndipo si kupusa. Munthu akachititsidwa manyazi mwadzidzidzi, thupi limachita ngati laona njoka: mtima umagunda msanga, kukhosi kumauma, nkhope imatentha. Thupi likatero limakonzekera kumenya kapena kuthawa, osati kusanja mawu. N'chifukwa chake ena amalalata, ena amangoti kakasi.

Zothandiza ndi ziwiri. Choyamba, dzipatseni kamphindi. Tulutsani mpweya pang'onopang'ono kamodzi, imwani madzi ngati muli nawo, malizani chimene chili m'manja monga anachitira mtsikana wa kabichi uja. Kwa inu kamphindiko kamaoneka kotalika, koma kwa oonerera kamaoneka ngati kudekha. Mukhozanso kufunsa kuti, "Pepani, mwati bwanji?" kapena "Mukutanthauza chiyani?" Funso lotere limakugulirani nthawi, komanso limamukakamiza munthu kubwereza poyera zimene anaziponya mozembera, ndipo ambiri amalephera. Koma lisamaleni. Mukalifunsa mutakweza mawu, manja ali m'chiuno, limakhala kuitana ndewu. Ndipo kwa munthu wopanda manyazi silithandiza, amangobwereza mokweza kuposa poyamba. Ameneyo musamufunse kachiwiri.

Chachiwiri ndi kukonzekeratu. Anthu onyoza sasintha malo olasa. Inu mukudziwa kale bala lanu, mukudziwanso amene amalikhudza. Konzani chiganizo chimodzi, chachifupi, ndipo muchinene mokweza muli nokha, mukutsuka mbale kapena mukusita, mpaka pakamwa pazolowere. Kungochiganiza mumtima sikukwanira. Mawu amene pakamwa panawatulutsapo kale ndi amene amabwera mtima ukamagunda.

Mawu akanjenjemera kapena misozi ikalengeza, nenanibe. Yankho lonjenjemera limagwira ntchito chimodzimodzi.

Nanga ngati zimene akundinenazo n'zoona?

Izi zimachitika kwambiri ku banki m'khonde. Munthu wachedwa kubweza ngongole, ndiye wina pogawana zakumwa n'kuti, "Ena pano tikuwadyetsa ndife." Aliyense akudziwa amene akunenedwa.

Musakane choona, ndipo musayambe kufotokoza mbiri yonse ya mavuto anu, za mwana wodwala, za katundu amene sanagulidwe. Kufotokoza kwambiri kumamveka ngati kupempha chifundo, ndipo kumampatsa wonyozayo zingwe zina zokokera. Vomerani gawo loona, mukane gawo lonyoza: "N'zoona asisi, ndachedwa, ndipo zili m'buku. Ndibweza Loweruka likudzali pamodzi ndi chindapusa chake monga mwa malamulo athu. Koma kundidyetsa ayi." Mukatero ngongole yabwerera m'buku momwe imayenera kukhala. Koma tsiku limene mwatchulalo mulisunge, apo ayi mwamupatsa mawu a mwezi wathunthu.

Abambo amakumana nazo pabawo kapena poonera mpira. Wina ntchito inatha, ndiye mnzake n'kuti, "Inu musathamange, kulibe kumene mukuchedwa." Bambo wina woyandikana nafe anayankha kuti, "Eya achimwene, ntchito inathadi. Ndikufunafuna, mukamva pena mundiuze. Seweranitu, ndi nthawi yanu." Chinthu chimene mwachinena nokha mosabisa, wina sangakulasenso nacho.

Wonenayo ndi wamkulu: apongozi, akulu ampingo, abwana. Pamenepa si pongomeza basi?

Apa mawu amasintha, koma simukhalabe duu. Kukana nsalu ya akulu n'kuviika: wamkulu simumukana maso ndi maso, mumayamba mwalandira, kenako n'kupeza njira. Pagulu wamkulu amateteza ulemu wake kuposa china chilichonse, ndipo mukamutsutsa pamaso pa ana ndi alendo, ngakhale amene akudziwa kuti walakwa amamuikira kumbuyo.

Ndiye musayankhe nkhaniyo, isamutseni. Apongozi akanena pamaso pa alendo kuti, "Akazi a kumwera sadziwa kulandira alendo," mukhoza kunena mwaulemu wonse, mutagwada ngati ndi mmene mumachitira pakhomopo, kuti, "Ndamva amayi. Pamene ndalakwitsa mudzandionetse tikakhala awiri, ndidzakonza." Simunavomere kuti akazi a kwanu ndi otero, simunawatsutse, koma aliyense wamva kuti malo a nkhaniyi si pano. Zikapitirira, si nkhondo yanu nokha. Mwana wawo ndiye woyenera kuyankhula ndi makolo ake, ndipo zikakanika ankhoswe alipo chifukwa cha zoterezi. Ndimawauza anyamata pachilangizo kuti mkazi wako akanyozedwa ndi abale ako iwe uli pomwepo n'kuseka nawo, bala lalikulu walipereka ndiwe.

Kuntchito n'chimodzimodzi. Abwana akakuseleulani pamsonkhano kuti, "Awa ndiye sukulu anangopitako kukadya phala," bwezerani nkhani ku ntchito: "Bwana, ngati lipoti lija lili ndi zolakwika, ndibwere ku ofesi mundionetse." Funso loti "mukutanthauza chiyani" kwa wamkulu lisiyeni, limamveka ngati mwano ngakhale mutalinena mofatsa.

Osaiwalanso kuti akulu ena amanena mokhadzula koma mkati muli malangizo. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mukafika kunyumba mtima utatsika, pepetani mawuwo: mankhusu atayeni, koma ngati mwatsala njere, itoleni.

Amandiseka ndikamayankhula Chitumbuka, ena amatinena ife a Chichewa. Ndizitenge bwanji?

Pamsika, padepoti, m'minibasi, chiyankhulo chimene chimamveka kwambiri kuno ndi Chitumbuka, ndipo pali Atonga a ku Nkhata Bay, Ankhonde a ku Karonga ndi ena ambiri. Munthu wa Chichewa akayesa Chitumbuka n'kupotoza, anthu amaseka. Kuseka kumeneku kawirikawiri si chipongwe. Anthu amakondwa kuti mukuyesa. Yankho lake ndi losavuta: "Ndiye mundiphunzitse, amati bwanji?" Akakuuzani, bwerezani, n'kuti "yewo". Wokusekani uja wasanduka mphunzitsi wanu, ndipo mawa akulonjerani ndi iyeyo. Cholakwika ndi kukwiya n'kunena kuti, "Bwanji osangoyankhula Chichewa, si tonse timamva?" Mawu amenewa kuno amalemera kuposa mmene ambiri a ife timaganizira. Mu 1968 Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi, ndipo chinabwerera mu 1994. Achikulire ambiri amakumbukira zimenezo. Mukanena mawu ajawa, mwakhudza bala lomwe simunalione.

Zimasiyana pamene nkhani yachoka pa lilime n'kupita pa mtundu: "Inu a kumwera ndinu akuba," kapena "mwabwera kudzatilanda ntchito." Musayankhe m'malo mwa chigawo chonse, ndipo musabweze ndi zonena za mtundu wawo, chifukwa pamenepo aliyense amene ali pagulupo amakakamizika kusankha mbali, ndi anzanu omwe. Bwezerani nkhani pa anthu awiri: "Ine ndingayankhe za ine ndekha, achimwene. Ngati ndinakulakwirani, ndiuzeni."

Ndipo tinene zoona, ifenso timalakwa. Timaseka mmene anzathu amatchulira Chichewa, ena amawaitana kuti "mbwenumbwenu" n'kumati ndi macheza. Yesani muyeso uja wa poyamba: akakubwezerani dzina lotero, mudzaseka?

Wonenayo waledzera. Ndimuyankhebe?

Ayi. Mowa sumva chiganizo chokonzedwa bwino. Nenani kuti, "Tidzakamba mawa, achimwene," n'kusuntha. Ngati ndi paukwati kapena pamwambo, uzani eni mwambo kapena m'bale wake amuchotse. Mawa lakelo, ngati mawuwo anali olemera, mupezeni ali bwinobwino.

Kodi ndingayankhe ndi nthabwala?

Pa zopepuka, nthabwala ndiyo yankho loposa onse. Wa Manoma akakusekani kuti Bullets yagonja, kapena wa Moyale akakusekani nonse awiri, kuyankha ndi nkhope yolimba kumangoonetsa kuti simudziwa kucheza. Sekani, bwezerani, mpira ndi womwewo.

Koma nthabwala igwere pa nkhaniyo, osati pa bala la mnzanu. Ndipo musadzinyoze nokha pa chinthu chimene chikukuwawani kuti anthu aseke. Ndaona atsikana onenepa akuyamba okha kudzitcha maina kuti ena asawayambe. Anthu amatenga kuti mwalola, dzinalo limakhazikika, ndipo tsiku limene mudzati lakwana adzati, "Si munayamba nokha?" Ngati mukaseka pakamwa pokha m'mimba muli kuwawa, imeneyo si nkhani ya nthabwala.

Ndikaona mnzanga akunyozedwa, ndilowererepo?

Lowererani, poti kwa inu n'kosavuta kuposa kwa iye. Mtima wanu sukugunda ngati wake. Simufunika kudzudzula aliyense. Kungosaseka nawo ndi thandizo kale. Mukhoza kumuchotsa pamoto ndi ntchito: "Asisi, tabwerani mundigwirire ndowa iyi." Mukhoza kunena mawu amodzi kwa wonenayo, mopepuka: "Aaa, imeneyo yapitirira, tiyeni tikambe zina." Mawu amenewa akachokera kwa munthu wachitatu amalandirika msanga, chifukwa wonenayo sakugonjera mdani wake, akungomvera gulu.

Ngati ndinu wapampando kapena mwini nyumba, ndi udindo wanu ndithu. Ku gulu lathu wina akaponya mawu a ngongole nthawi ya zakumwa, wapampando amati, "Za ngongole zili m'buku, tinazikamba nthawi yake." Koma samalani kuti musakulitse. Mukayamba kulalikira za kuipa kwa kunyoza osabereka, mnzanu uja amakhala pakati pa bwalo nthawi yaitali kuposa mmene chipongwe chinamuikira.

Pambuyo pake ndimupeze pambali, kapena zithere pomwepo?

Ngati ndi munthu wongokumana naye m'minibasi ya ku Ekwendeni, zithere pomwepo. Ngati ndi amene mudzakhala naye zaka, mlamu, mnzanu wa kwaya, woyandikana naye nyumba, mupezeni. Osati tsiku lomwelo, mitima ikadali yotentha, komanso osadikira mwezi, poti adzati waiwala. Masiku awiri kapena atatu ndi abwino. Pitani nokha, maso ndi maso. Uthenga wa pafoni umawerengedwa ndi mawu aukali amene inu simunaikemo, ndipo umatha kutumizidwa kwa ena.

Tchulani mawu enieniwo ndi tsiku lake, osati khalidwe lake lonse. "Mumandinyoza nthawi zonse" amakana. "Loweruka lija munanena za malowolo pamaso pa anthu, zinandipweteka, ndikupempha kuti zisadzachitikenso" n'kovuta kukana. Mtsikana wa ku Dedza uja anapita kwa alamu ake Lachiwiri lake, atamuuza kaye mwamuna wake. Alamuwo sananene kuti pepani. Anangoti, "Ndamva," n'kumupatsa nthochi zoti apite nazo kunyumba. Mtsikanayo anandifunsa ngati kumeneko n'kupepesa. Ndinamuuza kuti ayang'ane miyambo iwiri itatu ikubwerayo. Ngati nkhaniyo sibweranso, alandire nthochizo monga pepani.

Ndayesa zonsezi koma sakusiya. Tsopano?

Ndiye kuti si vuto la kayankhidwe kanu, ndipo musadzivutitse kufunafuna chiganizo china chabwino koposa. Munthu amene mwamuuza pagulu modekha, mwamupezanso pambali, koma akubwereza, akuchita dala. Itanani wachitatu amene ali ndi udindo pa nonse awiri: ankhoswe ngati ndi m'banja, wapampando ngati ndi ku gulu, akulu ampingo, kapena amfumu a m'dera lanu. Pitani ndi masiku ndi mawu enieni, komanso munthu mmodzi amene anamva.

Pali mawu ena amene sindiwaika n'komwe m'gulu la zoseleula. Kunena za thupi la mayi mwachisembwere kuntchito kapena kusukulu ndi nkhanza, ndipo lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa. Kuulula matenda a munthu pagulu, kumutchula mfiti, kapena kumuopseza kuti aona, zimatha kuika moyo wake pachiswe. Zoterezi zilembeni tsiku lomwelo: tsiku, malo, mawu, ndi amene analipo. Kuntchito kaperekeni kwa oyang'anira antchito. Ngati muli kuopseza kapena kutchulana ufiti, pitani kupolisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo musapite nokha, tengani uja anamva.